Phunziro la karima limene linajombetsa mwana masiku anayi

Ndimaphunzitsa za zipembedzo ndi makhalidwe pa sekondale ina yomwe si ya boma mumzinda wa Blantyre. Teremu yachiwiri ya chaka chatha ahedi anatiuza kuti ana a Fomu 1 alaweko pang'ono za zipembedzo zina kuwonjezera pa Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo, poti pasukulu pathu pali ana a m'mabanja osiyanasiyana. Ine anandigawira Chihindu, masabata atatu. Kalasi yanga inali ya ana 46, a zaka 12 mpaka 14. Mwa iwo munali mtsikana mmodzi wa Chihindu, wobadwira ku Limbe konkuno, komanso mnyamata wina woyendera ndodo chifukwa mwendo wake wakumanzere unapuwala akadali khanda. Ana awiriwa ndinkawaona tsiku ndi tsiku, koma pamene ndinkalemba pulani ya phunziro sindinawaganizire ngakhale pang'ono.

Sabata yoyamba inayenda bwino. Tinaona dziko la Indiya pa mapu, tinakamba za mtsinje wa Ganges ndi za kapembedzedwe ka pakhomo. Sabata yachiwiri ndiyo inali ya karima ndi kubadwanso. Ndinakonzekera usiku umodzi wokha, ndipo m'mutu mwanga nkhani inali yapafupi. Karima, mawu amene m'mabuku amalembedwa kuti karma, ndinkangoti ndi mwambi wathu uja wakuti choipa chitsata mwini. Kubadwanso ndinkakuona ngati makwerero: wochita zabwino akwera, wochita zoipa atsika. Ndinagula mapepala olimba ndi zolembera ndi ndalama zanga, K6,000, n'kudula makadi 46. Pa khadi lililonse ndinalembapo ntchito imodzi, monga "unaba nkhuku" kapena "unasamala agogo ako akudwala". Pa tchati ndinajambula makwerero, pansi penipeni nyongolotsi, kenako galu, munthu wosauka, munthu wolemera, pamwamba mfumu. Mwana aliyense atola khadi, awerenga, anzake agamula kumene akabadwire. Ndinagona wokhutira kuti ana adzatenga mbali ndipo palibe amene adzawodzere.

Chenjezo loyamba linabwera mphindi zisanu zisanathe, ine osalimva. Nditangolemba pa bolodi kuti "kubadwanso", mtsikana wina wa kutsogolo anakweza dzanja n'kunena mosangalala kuti, "Madamu, ine ndinabadwanso chaka chatha ku msonkhano wa achinyamata." Iye ankanena za kubadwanso mwatsopano kwa pa Yohane 3:3. Mnyamata wina wa Chisilamu anafunsa ngati Ahindu nawonso amanena Kalima, mawu a umboni wa chikhulupiriro chake, chifukwa pakamwa pathu "karima" ndi "Kalima" zimamveka chimodzimodzi. Wina kumbuyo anati zimenezi n'zija za anthu osanduka afisi. Ana atatu, matanthauzo atatu, ndipo palibe limodzi lomwe linali la Chihindu. Ndinayenera kuima pomwepo n'kuyamba ndalongosola mawuwo. M'malo mwake ndinati, "Tiziona kutsogoloku," poopa kuti nthawi ya masewera anga ingathe.

Masewerawo anayaka moto. Ana ankaseka chikhakhali, kugamulana kuti uyu akhala galu, uyo akhala nyongolotsi. Kenako mnyamata wina wanzeru ndithu, amene sankafuna chipongwe, anayang'ana tchati changa n'kufunsa kuti, "Madamu, ndiye kuti amene amabadwa olumala anachimwa m'moyo wawo wakale?" Ine ndinayankha msangamsanga kuti, "Malinga ndi Ahindu, inde." Kalasi inangoti zii. Mitu inatembenukira pa desiki ya pafupi ndi chitseko pamene mnyamata wa ndodo uja ankakhala. Wina ananong'ona, ena awiri n'kuphulika kuseka. Mtsikana wa Chihindu uja anakweza dzanja pang'ono n'kunena motsitsa mawu kuti, "Madamu, kwathu satiphunzitsa choncho." Belu linalira ndisanamuyankhe. Ndinatola makadi anga manja akunjenjemera, ndipo ndinatuluka osanena kanthu kwa mwana aliyense wa awiriwo. Kutuluka kumeneko kumandipweteka kuposa yankho lija. Ndikanawasunga ana onse mphindi zitatu za buleki n'kunena poyera kuti ndalakwitsa, mwina nkhani ikanathera m'kalasi momwemo.

Pofika masana mnyamata wa ndodo uja anali atapatsidwa dzina. Ankamufunsa kuti, "Unaba chiyani kale lija?" Mtsikana uja ankamuuza kuti agogo ake ndi ng'ombe. Mawa lake mnyamatayo sanabwere, ndipo anajomba masiku anayi. Makolo atatu anafika kwa ahedi. Mayi a mnyamatayo anabwera ndi misozi. Bambo wina, mkulu wa mpingo, anamva kuti ndikuphunzitsa ana kuti munthu amafa kambirimbiri, ndipo anabwera atatsegula kale pa Aheberi 9:27. Wachitatu anali bambo a mtsikana uja. Ahedi anandiitana n'kunena mwaulemu koma mosapsatira kuti, "Madamu, mutu umenewu uyambe waima." Unaima masabata atatu.

Kunyumba kwa mnyamata uja ndinapitako kawiri pa minibasi. Ulendo woyamba iye anakana kutuluka m'chipinda. Amayi ake anandiuza mawu amene sindidzawaiwala. Anati chibadwire mwanayo akhala akulimbana ndi achibale onena kuti mwendowo ndi tsoka la zochita za makolo, ndipo ankayesa kuti kusukulu ndiko kokha kumene sangamve zimenezo. Ndinalibe choyankha koma kupepesa. Ulendo wachiwiri mwanayo anatuluka, ndinamupepesa iye mwini pamaso pa amayi ake, ndipo anangogwedeza mutu.

Bambo a mtsikana uja ndi amene anandidabwitsa. Ndinkayembekezera ukali, koma iwo anapempha kuona pulani yanga. Anayang'ana tchati cha makwerero kwa nthawi ndithu, kenako anafunsa m'Chichewa chawo chabwinobwino kuti, "Aphunzitsi, nanga amene akukwera makwererowa ndani? Ndipo akafika pa mfumupa, zathera pomwepo?" Mafunso awiri onsewo ndinalephera kuyankha. Anandiitana kunyumba kwawo Loweruka masana kuti ndikacheze ndi amayi awo, gogo wachikulire amene amawerenga Bhagavad Gita, limodzi mwa mabuku opatulika a Ahindu, m'mawa uliwonse. Agogowo ankalankhula Chigujarati, mwana wawo n'kumamasulira.

Tinakhala maola awiri, ndipo ndinatulukamo ndikudziwa kuti pulani yanga inalibe mutu ndi mchira womwe. Mutu wake ndi atimani, chenicheni cha munthu chimene Ahindu amati sichibadwa ndipo sichifa. Popanda kuyamba ndi chimenechi, mwana sangamvetse kuti chimene chimabadwanso n'chiyani. Mchira wake ndi mokisha, kumasuka ku mzungulire wa kubadwa ndi kufa umene amautcha samusara. Agogowo anati ngakhale mfumu ya pamwamba pa tchati changa ikadali womangidwa, chifukwa zabwino zimene inakolola zidzatha ndipo idzabweranso. Cholinga si kukwera makwerero ayi, koma kuchokapo pa makwereropo. Mawu akuti karima pawokha, m'chinenero cha Chisansikiriti, amangotanthauza ntchito kapena chochita, ndipo amakhudza zabwino ndi zoipa zomwe, pamodzi ndi cholinga cha mumtima cha wochitayo. Mwambi wathu uja umangonena za choipa, ndipo timaunena tikamaona wina akugwa. Kumeneko ndi kumene ndinapotozera chiphunzitso chonse kukhala chala cholozera anthu.

Ndinalimba mtima n'kufunsa za yankho langa lija. Kodi ndinanama? Bambowo sanabise. Anati m'mabuku awo muli ndime zonena kuti kabadwidwe ka munthu kamatsatira zochita zake zakale. Chandogya Upanishad, pa 5.10.7, imanena kuti a makhalidwe abwino amabadwira pabwino, a makhalidwe oipa n'kubadwa ngati galu, nkhumba kapena munthu wa gulu losalidwa. Anavomeranso kuti ku Indiya maganizo amenewa akhala akugwiritsidwa ntchito popondereza anthu a magulu otsika, ndipo n'chifukwa cha nkhanza za tsankho lotere kuti malamulo aakulu a dzikolo, amene anayamba kugwira ntchito mu 1950, anathetsa mchitidwe wosala anthu ena ngati osayenera kukhudzidwa. Koma agogo aja anawonjezera mfundo ziwiri. Yoyamba, Gita yomweyo pa 4.17 imati njira ya karima ndi yozama, yovuta kuizindikira, choncho palibe munthu angayang'ane mnzake n'kuwerenga mbiri ya moyo wake wakale. Yachiwiri, ukaona munthu akuvutika n'kumuseka, kusekako ndi karima yako imene ukudzala lero. Choncho yankho langa silinali bodza lokhalokha, koma linali chidutswa chimene ndinachipereka ngati nkhani yonse, m'dzina la Ahindu onse, pamaso pa mwana amene chidutswacho chinamulasa.

Sabata yotsatira ndinalembanso pulani. Ndinaona kuti piriyodi imodzi ya mphindi 40 siyikwana, ndipo ndinapempha mapiriyodi awiri, pa masiku osiyana. Ndinasankha mawu achilendo anayi okha: atimani, samusara, karima ndi mokisha. Pulaniyo ndinaionetsa kwa ahedi ndi kwa bambo aja isanafike m'kalasi. Tinalemberanso makolo onse kakalata kofotokoza kuti ana aphunzira zimene Ahindu amakhulupirira, osati kuuzidwa kuti azikhulupirire, ndipo palibe adzapemphedwe kupemphera kapena kuchita mwambo uliwonse. Kakalata kameneka kakanapita poyamba pomwe, mkulu wa mpingo uja sakanavutika n'kubwera.

Piriyodi yoyamba ndinaipereka yonse kwa atimani ndi samusara, ndipo mawu akuti karima sindinawatchule n'komwe. Mphindi zisanu zoyambirira ndinaima kutsogolo n'kuwauza ana kuti tsiku lija ndinayankha molakwa ndipo ndinapweteka anzawo. Sindinatchule dzina la mwana aliyense. Tinagwirizana malamulo awiri, ndipo ndinawalemba pakona ya bolodi. Loyamba, chiganizo chilichonse chiziyamba ndi "Ahindu ambiri amakhulupirira kuti". Lachiwiri, zitsanzo zathu zizichokera m'nkhani zimene tawerenga, osati kwa munthu wa m'kalasi, wa pasukulu kapena wa kunyumba. Mtsikana wa Chihindu uja ndinali nditalankhula naye payekha dzulo lake, n'kumuuza kuti sindimufunsa funso lililonse m'malo mwa Ahindu onse, koma akafuna kulankhula akhoza. Mwana wa zaka 13 si wansembe, ndipo zambiri zimene amadziwa ndi za mwambo wa banja lake lokha.

Kenako ndinatulutsa chithunzi changa ndili khanda n'kufunsa ngati amene ali pamenepo ndi ine. Onse anati inde. Ndinawafunsa kuti atchule chimene chatsala. Mano? Analibe. Tsitsi? Linametedwa kalekale. Msinkhu, mawu, zimene khandalo linkadziwa? Zonse zinasintha. Anakangana pafupifupi mphindi 10, ndipo ndinawasiya akangane, chifukwa funso limeneli ndi lawo lomwe pa msinkhu umene matupi awo akusintha mwezi ndi mwezi. Apa m'pamene ndinawafotokozera ndime ya Gita 2.13, pamene Krishna, amene Ahindu ambiri amamupembedza ngati Mulungu, akuuza Arjuna, mwana wa mfumu wodziwa nkhondo, kuti monga wokhala m'thupi amadutsa ubwana, unyamata ndi ukalamba, momwemonso amadutsa kulowa m'thupi lina. Ndinawauza mwachidule kuti Gita ndi zokambirana za awiriwa nkhondo itatsala pang'ono kuyamba, ili ndi mitu 18 ndi ndime 700, ndipo ndi gawo la nkhani yaitali yotchedwa Mahabharata. Zimenezo n'zokwanira kwa Fomu 1.

Mphindi 10 zotsatira ndinagwiritsa ntchito malaya awiri a yunifomu, akale ong'ambika ndi atsopano. Fanizoli si langa, lili pa Gita 2.22: monga munthu amavula zovala zakutha n'kuvala zatsopano, momwemonso wokhala m'thupi amasiya thupi lakutha n'kulowa lina. Ana amaligwira msanga, koma lili ndi msampha. Mtsikana wina anafunsa nthawi yomweyo kuti, "Ndiye munthu amasankha yekha ngati pa kaunjika?" Funso limeneli muziliyembekezera. Yankho lake n'lakuti ayi, sasankha ngati pamsika, ndipo chimene chimatsogolera tidzachiona mawa. Ndinalilemba pa bolodi kuti likhale khomo la piriyodi yachiwiri.

Gawo limene ndinkaliopa ndilo linathandiza koposa. Ndinajambula mabokosi anayi pa bolodi n'kubweretsanso matanthauzo aja amene ndinawanyalanyaza tsiku loyamba. Pa bokosi lililonse tinafunsa mafunso awiri: kodi thupi lafa? Kodi munthuyo wabadwa ngati khanda m'thupi lina? Pa kubadwanso mwatsopano kwa Akhristu, thupi silinafe, munthu ndi yemweyo, chasintha ndi mtima. Pa mizimu ya makolo, thupi lafa koma mzimu ukadali agogo omwe aja, odziwa adzukulu awo, ndipo ngakhale mwana atapatsidwa dzina lawo, anthu amawakumbukirabe iwowo ngati mzimu. Pa nkhani za kusanduka fisi, amati munthu wamoyo wasintha maonekedwe usiku n'kubwerera m'mawa. Pa samusara pokha ndi pamene mayankho onse awiri ali inde. N'chifukwa chake ndinasiya kumasulira atimani kuti "mzimu". Mwana wa kuno akamva mzimu amaganiza za munthu wakufa amene amabwera kumaloto ndi dzina lake ndi khalidwe lake, pamene atimani sinyamula dzina, mtundu kapena fuko. Ndinangosunga mawu akuti atimani n'kumawalongosola kuti "chenicheni chosafa". M'malo mwa "kubadwanso" kokha ndinkati "kubadwanso m'thupi lina" nthawi zonse, ngakhale kuti n'kotalika.

Piriyodi yachiwiri amayi a mnyamata wa ndodo uja anapempha kuti mwana wawo asakhalemo. Ndinavomera, ndipo anakakhala ku laibulale ndi ntchito ina. Ndinayamba ndi kulemba mawu akuti karma ndi Kalima moyandikana kuti ana aone ndi maso kuti ndi mawu awiri a zinenero ziwiri, lina Chisansikiriti lina Chiarabu. Kenako ndinawapatsa chiganizo chimodzi cha mu Brihadaranyaka Upanishad, 4.4.5, chonena kuti mmene munthu amachitira ndi mmene amakhalira, wochita zabwino amakhala wabwino, wochita zoipa amakhala woipa. Ndinawafunsa ngati akuonamo woweruza wokhala ndi chikwapu. Analibemo. Ndinkafuna kuti ayambe aona karima ngati mbewu imene imamera mtundu wake, asanaione ngati chilango.

Bambo aja anandifotokozera mitundu itatu ya karima ndi fanizo la woponya mivi: mivi imene ili m'phodo, muvi umene waponyedwa kale, ndi muvi umene uli pa uta. Ana athu sadziwa phodo, choncho ndinagwiritsa ntchito nkhokwe. Chimanga chonse chili m'nkhokwe ndi zochita za miyoyo yonse yakale zimene sizinabale zipatso. Chimene chatapidwa n'kupita kuchigayo ndi gawo limene munthu akudya m'moyo uno, ndipo ufa sungabwererenso kukhala chimanga. Mbewu imene ili m'manja lero ndi zimene ukuchita panopa, ndipo imeneyo ndiwe wosankha. Mayina a mitunduyi sindinawapatse ana, koma mphunzitsi wofuna kuwerenga zambiri alembe sanchita, prarabdha ndi agami pofufuza. Nthawi yambiri ndinaithera pa mbewu ya m'manja, chifukwa ana akangomva za karima amathamangira kunena kuti zonse zinalembedwa kale, palibe chochita. Fanizo la nkhokwe lilinso ndi malire ake. Nkhokwe umatha kusuzumiramo n'kuona kuti mwatsala zingati, pamene Ahindu amati nkhokwe ya karima munthu wamba saiona, kaya yake kaya ya mnzake. Zimenezi ndinazinena ndekha ndisanafunsidwe.

Pakati pa phunziro ndinaika nkhani imodzi, mphindi 15, ya mfumu Bharata ya m'buku lachisanu la Bhagavata Purana. Mfumuyi inasiyira ana ake ufumu n'kupita kunkhalango pafupi ndi mtsinje wa Gandaki kuti ikafunefune Mulungu. Tsiku lina gwape wamkazi woyembekezera akumwa madzi anadzidzimuka ndi kubangula kwa mkango. Polumpha, kamwana kanagwera mumtsinje, mayi wake n'kufa. Bharata anakavuula kamwanako n'kukalera. Pang'onopang'ono mtima wake wonse unapita pa kagwapeko, mapemphero n'kuyamba kuiwalika, ndipo pa tsiku la imfa yake ankangoganiza za iko. Anabadwanso ali gwape, koma akukumbukira moyo wake wakale. Atafa gwapeyo anabadwa m'banja la ansembe, ndipo poopa kumangidwanso mtima ankadzionetsa ngati wopusa, mpaka anthu anamutcha Jada Bharata, kutanthauza Bharata wozerezeka. Tsiku lina anamugwira kuti anyamule machira a mfumu Rahugana. Mfumuyo inamunyoza chifukwa cha kayendedwe kake, koma atayankha inazindikira kuti wonyamula machirayo ndi wanzeru zakuya, ndipo inatsika n'kumupempha kuti aiphunzitse.

Ndinawagawa m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi n'kuwapatsa mafunso atatu. Kodi Bharata analakwa populumutsa kagwape? Nanga n'chifukwa chiyani anabadwa gwape? Ndipo Rahugana atayang'ana wonyamula machira, anaona chiyani, nanga chimene sanaone n'chiyani? Funso loyamba linawazunguza, monga ndinkafunira. Magulu awiri anati si chilungamo, munthu wachita chifundo n'kulangidwa. Gulu lina linati sanalangidwe, anangopita kumene mtima wake unali. Limenelo ndilo linayandikira zimene Gita imanena pa 8.6, kuti chimene munthu akuchiganizira posiya thupi ndi chimene amachifikira. Ndinawathandiza kusiyanitsa chifundo, chimene nkhaniyo siichitsutsa, ndi kukakamira mtima pa chinthu mpaka kuiwala chimene unadzera. Makwerero anga aja sakanatha kufotokoza nkhani imeneyi, chifukwa pa makwerero munthu wachifundo amangokwera basi.

Funso lachitatu ndi limene ndinaikira nkhaniyi. Mnyamata yemwe uja amene anafunsa za olumala ndiye anayankha. Anati mfumu inaona chitsiru, osadziwa kuti ndi munthu amene watsala pang'ono kumasuka. Kenako anakweza dzanja n'kubwereza funso lake lija, ulendo uno mwamantha. Ndinali nditalemba yankho pa pepala n'kuliloweza, ndipo ndikulangiza aliyense kuti achite chimodzimodzi asanalowe m'kalasi. Ndinati: mabuku ena a Chihindu amagwirizanitsa kabadwidwe ka munthu ndi zochita zakale, ndipo anthu ena agwiritsa ntchito zimenezi pozunza anzawo. Ahindu ambiri amati palibe angadziwe karima ya mnzake, ndipo ntchito ya woona wovutika ndi kumuthandiza. Za mwendo wopuwala kapena maso osaona, achipatala amatiuza zifukwa zake monga matenda, ngozi kapena zovuta pobadwa. Ndinawakumbutsanso kuti funsoli si la Ahindu okha, poti pa Yohane 9 ophunzira a Yesu anafunsa lomweli za munthu wobadwa wosaona, ndipo kumudzi kwathu timalimvanso. Mtsikana wa Chihindu uja anakweza dzanja yekha n'kunena kuti agogo ake amati ukaloza karima ya mnzako wayamba kale kuipitsa yako.

Mokisha inangotsala ndi mphindi zisanu, ndipo pamenepa pulani yanga ikadali yopunduka. Ndinajambula mzere wozungulira n'kutulutsa muvi kunja kwake, n'kunena kuti Ahindu amafotokoza kumasukaku mosiyana. Ena amati atimani imazindikira kuti ndi imodzi ndi Brahman, chenicheni cha zonse, ena amati imakakhala pamaso pa Mulungu amene imamukonda mpaka kalekale. Ndinatchulanso kuti Abuda ndi Ajaini nawonso amakamba za karima koma mosiyana, mwachitsanzo Abuda savomereza kuti pali atimani yosasintha, choncho ana asamaphatikize zonse mumphika umodzi.

Kuti ndidziwe ngati amva, sindinawafunse matanthauzo a mawu, chifukwa amenewo amangoloweza. Aliyense analemba pa kapepala mayankho a mafunso awiri asanatuluke. Loyamba linali lakuti, munthu wina akuti "Mhindu amafunitsitsa kubadwanso ali wolemera", wasiya chiyani? Lachiwiri linali lakuti, mwana waba cholembera, masana omwewo wagwa pa njinga, anzake akuti ndi karima. Kodi agogo a Chihindu angawayankhe bwanji? Pa mapepala 45, ana 31 anatchula kumasuka ku samusara pa funso loyamba. Asanu ndi anayi analemba kuti mokisha ndi kumwamba basi, chizindikiro choti mphindi zisanu zija sizinakwane, ndipo otsalawo sanayankhe zomveka. Funso lachiwiri ambiri analikhoza: analemba kuti palibe angadziwe, ndiponso kuti zipatso za karima sizichita kupsa tsiku lomwelo. Mukaona mapepala ambiri akuti "inde, walangidwa", dziwani kuti ana akadali pa mwambi uja, ndipo muyambirenso pa mbewu ya m'manja. Chaka chino mokisha ndaipatsa theka la piriyodi yachitatu.

Chifukwa cha masabata atatu aja, za chikondwerero cha Diwali ndi ulendo wokaona kachisi wa Ahindu mu Blantyre muno zinalephereka, ndipo ana a chaka chimenecho sanazionenso. Mtsikana uja anzake anasiya kumuseka pasanathe mwezi. Za mnyamata uja zinatenga nthawi. Dzina lija linkamvekabe kubwalo mpaka teremu yachitatu, ngakhale ahedi analanga ana awiri. Anapempha kuchoka pa desiki ya pafupi ndi chitseko n'kukakhala kumbuyo, ngakhale kuti kumeneko n'kovuta kufikako ndi ndodo, ndipo m'piriyodi yanga sanakwezenso dzanja teremu yonseyo. Pa mayeso a kumapeto ndinaika funso la karima pakati pa mafunso osankha kuti asakakamizike kuliyankha. Iye anasankha la mtsinje wa Ganges, ndipo analikhoza lonse.